Ndilembe mawu otani pachikwangwani cha nthawi kuti antchito asamve ngati ndikuwakalipira?

"Zikomo alangizi. Ndili ndi kampani yaing'ono yosoka mayunifolomu a sukulu ku Limbe, ndipo tilipo anthu 14. Timayamba ntchito 7:30 m'mawa koma ena amafika cha m'ma 8. Ndikufuna kupachika chikwangwani cha miyambi yokumbutsa kusunga nthawi, koma ndikuopa kuti chingamveke ngati ndikuwakalipira, poti ena mwa iwo ndi aakulu kuposa ine. Ndilembepo mawu otani?" — Mayi wa ku Limbe

Mayi, mtima ukhale m'malo. Mawu abwino alipo, ndipo mantha muli nawowo ndiwo akuthandizeni kusankha bwino. Pa zaka zomwe ndakhala ndikuthandiza makampani pa nkhani za antchito, zikwangwani zambiri zomwe zinadzetsa chidani zinalembedwa ndi abwana omwe sanaime n'komwe kudzifunsa kuti wowerengayo amva bwanji.

Tiyambe ndi chomwe chimachititsa kuti mwambi wa pakhoma ulase. Kwathu kuno mwambi sugwa pachabe. Munthu akaponya mwambi pagulu, onse amayamba kuyang'anana kuti mwini wake wa mawuwa ndani. Zili ngati nyimbo ya pamtondo: woimbayo satchula dzina, koma mudzi wonse umadziwa yemwe akunenedwa, ndipo wonenedwayo sangayankhe chifukwa sanatchulidwe. Chikwangwani chanu chidzawerengedwa ndi makutu omwewo. Pa anthu 14 palibe chobisika. Aliyense akudziwa yemwe amalowa cha m'ma 8, ndiye mukapachika mawu okhala ndi munthu wolakwa m'kati mwake, mwamuloza chala pamaso pa anzake tsiku lililonse, inu mulipo kapena mulibe.

N'chifukwa chake miyambi yomwe imabwera msanga m'mutu ndiyo yoyamba kuisiya. Ambiri akamva za kuchedwa amathamangira kwa "Zengerezu adalinda kwawukwawu". Mwambiwu ndi woona ndithu, koma taonani momwe unapangidwira: muli munthu, ali ndi dzina lomunyoza, ndipo mapeto ake ndi tsoka. Mukaupachika Lolemba, pofika Lachisanu mmodzi wa atelala anu adzakhala atapatsidwa dzina loti Zengerezu, ndipo ngati ndi mmodzi wa akuluakulu aja, sadzakukhululukirani msanga. Chimodzimodzi "Nguluwe idalira msampha utaning'a" ndi "Madzi akatayika saoleka". Iyi ndi miyambi yonena zinthu zitaonongeka kale, ndipo pakhoma la kuntchito imamveka ngati chenjezo loti wina achotsedwa. Ena amatenga vesi ya pa Miyambo 6:6 yotumiza waulesi kwa nyerere, poganiza kuti poti ndi mawu a m'Baibulo palibe angadandaule. Anthu sadandaula poyera, inde, koma amamva kuti abwana awatcha aulesi ndipo abisala kumbuyo kwa Mulungu. Mayi yemwe wadzuka 4 koloko, watunga madzi, waphikira ana, kenako n'kudikira minibasi ku Bangwe, mawu oti waulesi samuyenera ngakhale atafika 8 koloko.

Palinso mawu aja otchuka oti "Nthawi ndi ndalama". Alibe dzina la munthu, choncho amaoneka ofatsa. Vuto lake ndi funso lomwe wantchito aliyense amadzifunsa chamumtima akawawerenga: ndalama za yani? Kwa munthu wolandira malipiro a pamwezi, mphindi 20 za m'mawa sizisintha kalikonse m'thumba mwake, ndiye mawuwa amangomuuza kuti abwana akuwerengera phindu lawo. Ngati ena mwa osoka anu amalipidwa potengera kuchuluka kwa zovala zomwe asoka, kwa iwowo mawuwa ndi oona, komabe sindingawaike pakhoma lomwe onse akuwerenga.

Mbali ina yofunika kusamala nayo ndi ya miyambi yofatsa yomwe imakutembenukirani. Makolo athu anali ndi mawu ambiri oletsa phuma kuposa oletsa kuchedwa. "Kuthamanga sikufika." "Kuona maso a nkhono n'kudekha." "Lero lomwe linadetsa mnthengu." "Tsiku limodzi silioza mbewa." Yonseyi imakamba za nthawi ndipo siikalipira munthu, koma ikunena kuti tisapupulume. Ndinapezapo pakampani ina, yomwe sinditchula dzina, atalemba bwinobwino pafupi ndi buku losainira kuti "Chilichonse chili ndi nthawi yake". Ochedwa ndiwo ankakondwera nawo mawuwo, moti ankawaloza akamasaina. Choncho kufatsa kokha sikukwana. Mawu ayenera kukhala ofatsa komanso olozadi kumene mukufuna anthu apite.

Mwambi womwe ndingauike pamwamba pa chikwangwani chanu ndi uwu: "Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi."

Ndimaukonda pa zifukwa zingapo, ndipo ndikhalitsapo pang'ono chifukwa ukamveka bwino, mutha kupeza ina nokha. Mulibe munthu wolakwa m'mwambiwu. Mulibe waulesi, mulibe wolangidwa. Chomwe chili chovuta ndi mchenga, ndipo mchengawo ukuvuta aliyense mofanana. Aliyense yemwe anathamangapo pamchenga wa kunyanja kapena wa mumtsinje wouma akudziwa kuti mwendo umatitimira, ndipo mnzako akatsogola sungamupeze ngakhale utalimbikira chotani. Mwambiwu ukuvomereza kuti ntchito ndi yolemera, zomwe wantchito amakondwa kumva kuchokera kwa abwana ake, kenako ukunena kuti mankhwala ake ndi kuyambira pamodzi. Mawu oti "limodzi" akukuphatikizani inunso. Tsiku lomwe inu mwachedwa kubwera ndi makiyi, mwambiwu ukukukhudzani mofanana ndi wosita zovala.

Komanso ukufotokoza ndendende momwe ntchito yosoka imayendera. Nsalu imayambira kwa wodula, kupita kwa osoka, kenako kwa woika mabatani ndi wosita. Tiyerekeze kuti wodula wafika 7:50 m'malo mwa 7:30, ndipo dzulo sanasiye zodulidwa. Kwa iye ndi mphindi 20 zokha, ndipo akunena zoona akamati sanachedwe kwambiri. Koma ngati osoka asanu ndi mmodzi akhala pamakina kumudikira, mphindi zotayika ndi 120, omwe ndi maola awiri athunthu a ntchito. Maola awiriwo sasowa. Amakapezeka madzulo, pamene sukulu ikufuna mayunifolomu ake mawa ndipo onse akuweruka mdima utagwa, minibasi zitakwera mtengo. Wovutika ndi kuchedwa kwa m'mawa ndi mnzake wa wochedwayo, ndipo anthu amasintha msanga chifukwa cha mnzawo kusiyana ndi chifukwa cha thumba la abwana. Mawu onse a pachikwangwani chanu aziloza kwa munthu amene akudikirayo.

Pansi pa mwambiwo ndingaike chiganizo chimodzi cha mawu wamba chomasulira nkhaniyo m'ntchito yanu. Ichi si mwambi wa makolo, ndi chongopeka, ndipo mutha kuchisintha: "Tikayambira limodzi, tiwerukira limodzi." Mwaona kuti chikulonjeza kanthu kabwino m'malo moopseza. China chomwe ndachionapo chikulandiridwa bwino ndi chotengera mwambi uja wa mwana wa mnzako: "Nthawi ya mnzako ndi yako yomwe." Anthu akachiwerenga amamva kamvekedwe ka mwambi omwe anakula nawo, ndipo amamwetulira poona kuti wasinthidwa pang'ono.

Ilipo miyambi ina yomwe ingagwire ntchito, iliyonse pamalo pake. "Papsa tong'ola, sudziwa mtima wa moto" ndi wa munthu wootcha chimanga, woti adye pomwe papsa osadikira kuti chonse chipse. Kwa inu amene makina anu amadalira magetsi, mwambiwu ukunena zomwe aliyense m'chipindamo akuzidziwa kale: magetsi akakhalapo m'mawa, sokani, chifukwa simudziwa ngati masana adzakhalapo. Apanso wolakwa si munthu, ndi moto wosadalirika. Ndingaupachike pafupi ndi makina. "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka" ndi woyenera pafupi ndi tebulo lolandirira makasitomala, cha mbali yomwe antchito amaona. Ukukumbutsa kuti kholo lomwe labwera kudzayesa mwana yunifolomu lisanapite kuntchito silikhalitsa, ndipo ukunena zimenezi m'chilankhulo cha ulemu kwa alendo chomwe palibe angatsutse.

"Mutu umodzi susenza denga" ndi wabwino ndipo sulasa munthu, koma wagwiritsidwa ntchito kwambiri moti maso amangoudumpha, komanso sukamba za nthawi. "Mmera mpoyamba" umakopa chifukwa ndi waufupi ndipo ukunena za chiyambi, koma anthu ambiri anaumva ponena za kulera ana. Poti mwanena kuti ena ndi aakulu kuposa inu, ndingausiye. Bambo wa zaka 55 safuna kumva kuti akuwongoledwa ngati mwana.

Mukamapeka mawu anuanu, yang'anani kachilembo koyambirira ka mneni. Mawu oyamba ndi "musa-" ndi lamulo: musachedwe, musaiwale, musazengereze. Oyamba ndi "u-" ndi oipirapo, chifukwa kunena "usachedwe" kwa munthu wamkulu ndi kumuitana kuti iwe. Mawu oyamba ndi "ti-" ndiwo amaika wolemba ndi wowerenga pamkeka umodzi: tiyambe, tisungirane, tidziwitsane. Koma "ti-" wabodza anthu amamuzindikira. Chiganizo choti "Tiyeni tisiye ulesi" chili ndi "ti-" koma aliyense akudziwa kuti wolembayo sakudziwerengera. Pewaninso mawu monga "chenjezo", "n'zoletsedwa" ndi "mwa lamulo la oyang'anira", kuphatikizapo zilembo zikuluzikulu zofiira ndi zizindikiro zofuula. Zimenezi n'za zikwangwani za ngozi, monga za pafupi ndi nthambo za magetsi, ndipo zisungireni komweko.

Njira yachidule yoyesera chiganizo chilichonse ndi iyi. Ganizirani wamkulu kwambiri mwa antchito anu, muime naye maso ndi maso m'maganizo mwanu, ndipo munene mawuwo mokweza. Ngati mungachite manyazi kuwanena pamaso pake, musawalembe pakhoma. Kenako ganizirani tsiku lomwe malipiro achedwa ndi masiku atatu, inu mwaima pansi pa chikwangwanicho. Ngati mawuwo angakuchititseni kuyang'ana pansi, ndiye kuti pali china choyenera kukonza chikwangwani chisanapachikidwe.

Apa ndipo pali chinthu chomwe chimasiyanitsa chikwangwani chokalipira ndi cholemekeza, kuposa kusankha mwambi kumene. Makolo anati "Kachipande ka therere kakoma n'kuyenderana". Chikwangwani chomwe chikungopempha nthawi ya antchito, osanena kalikonse za nthawi yomwe kampani iyenera kuwasungira, chimamveka ngati kukalipira ngakhale mawu ake atakhala ozuna chotani. Antchito nawo ali ndi nthawi zawo zomwe amaziyang'anira: yopuma masana, yoweruka, ndi tsiku lolandira. Lembani zimenezo pachikwangwani chomwecho, monga lonjezo lanu. Ndikadakhala inu, chikwangwanicho chikadaoneka motere:

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi.
Tikayambira limodzi, tiwerukira limodzi.
Timayamba 7:30. Timapuma 12 koloko. Timaweruka 5 koloko. Malipiro ndi pa 28.
Mwachedwa panjira? Tidziwitseni, tikonze ntchito podikira inu.

Nthawi ndi tsiku ndalembazo ndi zongoyerekeza, muikepo zanu zenizeni. Ndipo musalembe zomwe simungakwanitse. Ngati mukudziwa kuti sukulu zina zimachedwa kukulipirani ndipo pa 28 simungalonjeze, lembani tsiku lomwe mungalisunge mwezi uliwonse, kapena siyani mzere wa malipirowo n'kusunga wa kuweruka. Lonjezo lolembedwa pakhoma n'kuswedwa limaononga kuposa kusalemba n'komwe. Masiku otanganidwa sukulu zikamatsegulidwa, pamene mufuna anthu atsalire, auzeni dzulo lake ndipo ovataimu yawo ilipidwe, kuti mzere wa 5 koloko usasanduke nthabwala.

Mzere womalizawo musauchotse poganiza kuti ukupereka chilolezo chochedwa. Munthu wochedwa yemwe akuopa kukalipiridwa amazimitsa foni n'kulowa mozemba, ndipo inu mumataya nthawi kuyembekezera osadziwa ngati abwera. Yemwe watumiza uthenga 7:10 kuti minibasi yafera panjira wakupatsani mphindi 20 zoti wina ayambe kudula kapena osoka atenge zomalizitsa za dzulo. Mzerewu ukuuzanso wochedwayo kuti malo ake ndi ofunika ndipo anzake akumudikira, zomwe zimamukoka mtima kuposa chenjezo. Ikanipo nambala yoimbira, ndipo muvomereze kuti kufulasha kapena "please call me" n'kokwanira kwa yemwe alibe mayunitsi.

Musasankhe mwambiwo nokha. Lembani itatu kapena inayi papepala, muitane akuluakulu aja pambali, muwauze kuti mukufuna nzeru zawo posankha mawu oyenera pakhoma. Kawirikawiri iwo amadziwa miyambi yambiri kuposa ife, ndipo ena adzakupatsani ya kwawo, ya Chiyao kapena Chilomwe, poti ku Limbe kumakumana anthu a zilankhulo zambiri. Mwambi wa chilankhulo china muulembe monga mwini wake waunenera, n'kuika tanthauzo lake pansi m'Chichewa, ndipo mufunse wina wolankhula chilankhulocho ngati ulibe mbali yonyoza yomwe inu simungaimve. Mawu akasankhidwa ndi wamkulu wa pakati pawo amakhala awo, ndipo wachinyamata akachedwa amawamva ngati malangizo a malume ake. Pansi pa chikwangwani musasaine dzina lanu kapena udindo wanu. Ngati mufuna kulembapo kanthu, lembani kuti "Tonse a pano".

Tsiku lopachika nalonso lili ndi mawu ake. Mukapachika m'mawa wotsatira tsiku lomwe munakangana ndi wina pa za kuchedwa, ngakhale mwambi wofatsa chotani udzamveka ngati kupitiriza mkangano. Dikirani sabata yabata, kapena chiyambi cha mwezi anthu atangolandira, ndipo muchionetse kwa onse pamodzi musanachikhome. Malo ake asakhale pamwamba pa buku losainira kapena pakhomo penipeni, chifukwa pamenepo chimakhala ngati mlonda wodikira wochedwa. Pomwe anthu amamwera tiyi kapena kudyera nkhomaliro ndi pabwino, poti amachiwerenga mtima uli pansi. Pepala la A3 ndi lokwanira chipinda cha anthu 14. Zilembo za mwambi zikhale zotalika pafupifupi masentimita atatu kuti ziwerengeke munthu ali pamakina ake, mizere inayo ikhale yocheperapo, ndipo mulikutire ndi pulasitiki chifukwa fumbi la nsalu ndi nthunzi ya simbi sizichedwa kudetsa pepala. Ngati mufuna chithunzi, dzuwa likutuluka kapena manja ali pamakina n'zabwino. Chithunzi cha chala cholozera wotchi chimafafaniza ulemu wonse wa mawu anu.

Kanthu kena kakang'ono komwe kamathetsa mikangano yambiri: pakhale wotchi imodzi ya pakhoma yomwe nonse mwagwirizana kuti ndiyo yoyendera, ndipo ikhale yolondola. Abwana ena amaipititsa patsogolo ndi mphindi zisanu kuti anthu azifulumira. Antchito ali ndi mafoni, amazindikira tsiku lomwelo, ndipo kuyambira pamenepo sakhulupiriranso chilichonse cha pakhomapo.

Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri, maso amazolowera ndipo chikwangwani chimasanduka mbali ya khoma. Sinthani mwambi wa pamwamba, mizere ya nthawi isiyeni momwemo, ndipo mwezi uliwonse wosankha akhale wina.

Tsopano ndinene mosabisa za malire a chikwangwani. Chimathandiza anthu omwe angathe kufika 7:30 koma anangozolowera kuona kuti palibe chimachitika akafika 7:45. Sichingadzazitse minibasi pasiteji. Wochokera ku Machinjiri kapena ku Chilomoni amadalira galimoto yomwe siinyamuka isanadzaze, ena amakwera ziwiri, ndipo nthawi ya mvula kapena mafuta akasowa ulendo womwewo umatalika. Choncho musanapachike kalikonse, tengani buku losainira muone masabata awiri apitawa, ndipo muyang'ane zinthu ziwiri: ndani akuchedwa, ndipo masiku ati.

Mukapeza kuti oposa theka amafika pakati pa 7:40 ndi 8 koloko pafupifupi tsiku lililonse, vuto si khalidwe la anthu. Nthawi yoyambirayo ikulimbana ndi mayendedwe, ndipo mwambi uliwonse udzangowawitsa mitima. Pamenepo kambiranani zosuntha nthawi, mwina kuyamba 8 koloko n'kuweruka mochedwerapo ndi theka la ola, kapena kuti wodula ndi wotsegula okha, makamaka ngati amakhala pafupi, azifika 7:30 n'kuweruka msanga kuposa anzawo. Njira ina yosavuta ndi yoti wodula azisiya mulu wa zodulidwa madzulo aliwonse, kuti m'mawa osoka asadikire munthu. Mukasintha nthawi, kumbukirani kuti lamulo la zantchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata ngati malire a nthawi yogwira ntchito mwachizolowezi.

Mukapeza kuti ochedwa ndi awiri kapena atatu omwewomwewo, chikwangwani chisakhale njira yothawira kulankhula nawo. Ichi ndicho cholakwika chomwe ndimachiona kwambiri mwa abwana aulemu ngati inu: poopa kuyang'anizana ndi munthu wamkulu, amalembera khoma, ndipo anthu 11 osunga nthawi amamva kuti akudzudzulidwa pa mlandu wa ena. Muitaneni munthuyo payekha, pomwe ena sakumva, mumupatse moni wa ulemu wake, ndipo muyambe ndi funso. "Bambo, ndaona kuti masiku ano m'mawa mukuvutika kufika. Kunyumba kuli bwanji?" Mudzamva zinthu zomwe buku losainira silinena: mwana woperekezedwa kusukulu, wodwala yemwe akufunika kusambitsidwa, kusamukira kutali chifukwa cha lendi, kapena tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala lomwe munthu safuna anzake alidziwe. Zambiri mwa izi zimatheka kukonza ndi kusintha pang'ono nthawi ya munthuyo, ndipo zomwe wakuuzani zikhale pakati pa inu awiri. Ngati kulankhula ndi munthu wamkulu nokha kukukuvutani, pemphani kapitawo kapena wamkulu wina yemwe onse amamulemekeza akhale nanu.

Kuchedwa kukapitirira mutakambirana kangapo ndipo palibe chifukwa chomveka, nkhaniyo yachoka pa miyambi yalowa pa mwambo wa ntchito, ndipo iyende m'njira yake. Lamulo lomwe ndatchula lija limalola chenjezo lolemba, koma limaletsa abwana kulipitsa wantchito chindapusa. Chomwe limalola ndi kusamulipira nthawi yomwe sanali pantchito popanda chilolezo ndiponso popanda chifukwa chomveka. Choncho musayerekeze kulemba pansi pa chikwangwani kuti wochedwa adulidwa ndalama zakutizakuti, monga ndimaonera m'mashopu ena. Lamulolo limanenanso kuti munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe lake asanapatsidwe mpata wodziteteza. Mukaona kuti mwafika poganiza zodula malipiro, kuimitsa munthu kapena kumuchotsa, kapena mukufuna kusintha maola omwe analembedwa m'makalata awo a ntchito, pitani kaye ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu, yomwe ambiri amaitcha kuleba, mukafunse musanachite kanthu. Tengani buku losainira, makalata olembera anthu ntchito ndi machenjezo alionse omwe munalemba. Ngati antchito anu ali m'bungwe la antchito, nthumwi yawo idziwitsidwe poyambirira, chifukwa nkhani zotere zikayenda molakwika zimakathera ku khoti loona milandu ya zantchito, ndipo kumeneko adzafunsa ngati munthuyo anachenjezedwa ndi kumvedwa.